Momwe mungadziwire mtundu wa chilankhulo pongoduladula mawu ake, komanso pomwe njirayi imakanika

Amene munawerengako za kapangidwe ka mawu mukudziwa nkhani ija yoti zilankhulo zili m'magulu atatu. Pali zomata, zomwe zimalumikiza tizidutswa ngati mikanda pa ulusi, pali zosungunula, zomwe zimaphatikiza matanthauzo angapo m'kachidutswa kamodzi, ndiye pali za mawu oima paokha osasintha. Mmalo moloweza ngati ndakatulo ya ku pulayimale, tengani pepala ndi cholembera muyese nokha, chida choyesera muli nacho kale mkamwamo.

Choyamba sankhani mneni mmodzi wautali ndithu, mumudule. Tiyeni titenge sindinakuphikire. Mukadula bwino zituluka si-ndi-na-ku-phik-ir-e. Si akukana, ndi ndi ineyo, na ndi nthawi yakale, ku ndi iweyo, phik ndiye muzu, ir akutanthauza kuchitira wina, e akutseka mneni. Musadule mwa maphatikizo ngati mmene timawerengera phi-ki-re mu sitandade 1 ayi, apa tikudula potsata tanthauzo. Njira yotsimikizira kuti mwadula pabwino ndi yosinthanitsa: chotsani ku muikepo mu, zikhala sindinamuphikire, china chilichonse chili pomwepo koma munthu wophikiridwa yekha ndi amene wasintha. Zikatero ndiye kuti ku ndi kachidutswa kenikeni.

Kachiwiri, kachidutswa kalikonse mukafunse kuti kanyamula matanthauzo angati. Pa mneni wathu uja pafupifupi kalikonse kali ndi ntchito imodzi ndipo malire ake akuoneka, uku ndiye kumata. Chiteki, chilankhulo cha ku Turkey, chimachitanso chimodzimodzi kungoti icho chimamata kumapeto kwa mawu: ev ndi nyumba, evler nyumba zambiri, evlerim nyumba zanga, evlerimde m'nyumba zanga. Tsopano yesani Chipwitikizi, abale a ku Tete ndi ku Angonia atithandize. Falo ndi ndimalankhula, falei ndi ndinalankhula, falou ndi analankhula. Mu falei muja, ndiuzeni ine ali pati ndipo nthawi yakale ili pati? Simungaloze, ei yemweyo wanyamula zonse, munthu, kuchuluka kwa anthu ndi nthawi, zasungunukirana ngati shuga mu tiyi.

Kachitatu, ngati mawu akukana kudulika, sinthani chiganizo muone ngati mawuwo asintha. Mu Chitchaina cha Mandarini wo ai ni ndi ndimakukonda, ni ai wo ndi umandikonda. Palibe liwu lomwe lasintha maonekedwe, angosinthana malo basi, ndipo malowo ndi amene akukuuzani wokonda ndi wokondedwa. Chiviyetinamu chilinso chomwecho.

Mpaka apa zikuoneka zophweka eti? Sitepe yachinayi ndi imene anthu ambiri amaidumpha, yofufuza dala mawu okana lamulo lomwe mwapezalo, ndipo Chichewa chili nawo ambirimbiri. Phiri mapiri, khasu makasu, tsamba masamba, dzira mazira. Ma wa zambiri akuoneka, nanga wa chimodzi ali kuti? Analowa mkati mwa lembo loyamba la liwulo, nchifukwa chake p anasanduka ph ndipo s anasanduka ts, palibe poti mudulepo. Lira akamapita ku liza, tuluka ku tulutsa, tanthauzo lochititsa lija lameza lembo lomaliza la muzu. Pomwe zafika povuta zedi ndi pa kamvekedwe ka mawu. Ndimathandiza wa masiku onse timakweza mawu pa ndi woyambayo ndi pa ndi wa chakumapeto, pamene ndimathandiza wa zomwe ndinkachita posachedwapa timakweza pa tha. Zilembo ndi zomwezomwezo, nthawi ndi ziwiri zosiyana, ndipo chomwe chikusiyanitsa si kachidutswa koti mungakadule ndi mpeni nkukaika pambali. Ndiye Chichewa nchomata, inde, koma chili ndi kusungunula kwake komwe sitikuona chifukwa sitilemba.

Musasokonezeke ndi phikira ndi gonera. Ir ndi er ndi kachidutswa kamodzi komweko, kamangotsata zilembo za m'muzu mwa lamulo lodziwika, ukakhala ndi e kapena o zimakhala er. Kusintha kolosereka chonchi sikuchotsa chilankhulo mgulu la zomata, Chiteki nacho chimati evler koma atlar, mahatchi. Mbali inayo, Mandarini uja amati samata, komatu wo, ine, akawonjezera men amakhala ife, ndipo kompyuta amaitcha diannao, kulumikiza magetsi ndi ubongo.

Chachisanu, werengetsani mmalo mongopereka dzina. Katswiri wa zilankhulo Joseph Greenberg mzaka za m'ma 1950 anati titenge ndime ya mawu 100, tiwerenge tizidutswa tonse nkugawa ndi chiwerengero cha mawu. Chiviyetinamu chinapeza 1.06, Chingerezi 1.68, Chiswahili 2.55, Chiesikimo 3.72. Mukuona kuti si mabokosi atatu koma mzere, chilankhulo chilichonse chili penapake pamzerewo. Yesani ndi chiganizo chachifupi ichi: Ana sanatiphikire nsima dzulo. A-na ndi tiwiri, s-a-na-ti-phik-ir-e ndi 7, nsima 1, dzulo 1, pamodzi 11, kugawa ndi mawu 4 zikupatsani 2.75. Koma mnzanu atha kunena kuti n wa mu nsima ndi mphatikiri wa gulu la mayina, iye apeza 12 ndipo yankho lake likhala 3. Nonse muli ndi mfundo, ndiye musanayambe kuwerenga lembani kaye malamulo anu odulira ndipo musawasinthe panjira. Chiganizo chimodzi nchochepa, ichi nchongophunzirira.

Msampha wina waukulu ndi funso loti liwu nchiyani. Mzulu amalemba ngiyakuthanda, liwu limodzi ngati ndimakukonda wathu, koma Mtswana amalemba ke a go rata, mawu anayi, chonsecho kapangidwe ka mneniyo nkofanana. Mukawerenga mipata ya papepala Chitswana chioneka ngati chayandikira ku Chitchaina, pamene kusiyanako kunabwera ndi anthu omwe anakonza kalembedwe. Choncho yesani ndi pakamwa, onani ngati kachidutswako kangayime kokha poyankha funso, kapena ngati mungalowetse liwu lina pakati.

Magulu atatuwa anachokera ku Germany, kwa abale awiri a Schlegel, Friedrich mu 1808 ndi August Wilhelm mu 1818, kenako Wilhelm von Humboldt anawakuza. Vuto ndi loti ambiri nthawi imeneyo ankawatenga ngati makwerero, Chitchaina pansi, zomata pakati, Chisansikiriti cha ku India, Chigiriki ndi Chilatini pamwamba, mwangozi bwanji kuti pamwamba pakhale achibale a chilankhulo chawo. Katswiri wina wa zilankhulo, Edward Sapir, mu 1921 anakana makwererowo ndipo analekanitsa mafunso omwe anasakanizidwa. Inunso polemba zomwe mwapeza alekanitseni: liwu limodzi limanyamula tizidutswa tingati, malire ake akuoneka bwanji, kachidutswa kamodzi kali ndi matanthauzo angati. Muyankhe za aneni pawokha ndi za mayina pawokha, chifukwa mu Chichewa momwemu sindinakuphikire akuduka bwinobwino pamene phiri ndi mapiri akukanirira. Ndipo musagwiritse dzina la gululo pofuna kudziwa ubale wa zilankhulo, Chichewa ndi Chiteki zonse nzomata koma palibe ubale wodziwika pakati pawo.