Mukamakatenga TPIN, yang'anani dzina kaye

Ngati mwangolembedwa ntchito kapena mwayamba kageni, nambala ya msonkho, ija amati TPIN, imaperekedwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, ndipo kulembetsa kwake n'kwaulere. Munthu akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti akufulumizitsireni, mukaneni.

Chimene chimavutitsa anthu ambiri ndi dzina. Tengani chiphaso cha unzika, ndipo zonse muzilembe monga zilili pamenepo, chilembo ndi chilembo. Tiyerekeze mayi amene kuntchito analembetsa dzina la mwamuna wake, koma pachiphaso pali la bambo ake omubereka. Abwana akamadula msonkho pamalipiro n'kukapereka, mayina awiriwo sagwirizana, ndiye kumayamba kuyendayenda kokakonzetsa. Konzani zakuntchitozo musanapereke nambala.

Amalonda, ngati munalembetsa dzina la bizinesi, satifiketi yake musaisiye kunyumba. Makampani ambiri sakugulani katundu mulibe TPIN.

Chinanso, nambalayi ndi imodzi basi. Mukasintha ntchito, perekani yomweyo. Mukaiiwala, musalembetsenso kachiwiri. Pitani ku ofesi ya Malawi Revenue Authority ndi chiphaso chanu akakufufuzireni yakaleyo.