Momwe mungaphunzitsire ana a sekondale kufufuta chinthu pachithunzi ndi Snapseed

Mwana akangomva kuti foni ikhoza kuchotsa chinthu pachithunzi, amaganiza kuti foniyo ikudziwa zomwe zinali kuseri kwa chinthucho. Maganizo amenewa ndi amene phunziro lonseli likufuna kuwongola. Foni sidziwa. Imangotenga mtundu ndi maonekedwe a malo oyandikana n'kumata pomwe mwakhudzapo, monga momwe mmisiri amatapira dothi pambali n'kutseka dzenje pakhoma. Ana akagwira mfundo imeneyi amayamba kuyang'ana kaye zomwe zazungulira chinthu asanachikhudze, ndipo ntchito yawo imatuluka yaudongo.

Dongosolo ili ndi la mapiriyodi awiri otsatizana, mphindi 80, ndipo ndimaligwiritsa ntchito ku Fomu 3. Pulogalamu yake ndi Snapseed, ya kampani ya Google. Ndi yaulere, ilipo pa Android ndi pa iPhone, ilibe zotsatsa malonda, ndipo mukaitsitsa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti. Chida chomwe tikufuna m'menemo ndi chimodzi chokha, chotchedwa Healing.

Zokonzekera dzulo lake

Yambani ndi ahedi. M'sukulu zambiri ana saloledwa kubwera ndi foni, choncho pemphani chilolezo, ndipo ngati mafoni achokera kunyumba makolo adziwe. Ine ndimakonda kubwereka kwa aphunzitsi anzanga, chifukwa mafoni 8 kapena 10 akwanira kalasi yonse mukagawa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi pagulu. Ikani Snapseed m'mafoni onse dzulo lake ndipo muwatchaje adzaze. Mukasiya zimenezi kuti muchite m'kalasi, piriyodi yoyamba idzathera kudikira netiweki.

Ntchito yaikulu yokonzekera ndi kujambula zithunzi zitatu pasukulu pomwepo, masana kukuwala bwino. Choyamba chikhale chosavuta: jumbo yabuluu ili yokha pakati pa bwalo lamchenga, popanda china chilichonse pafupi. Chachiwiri chikhale botolo litaima pakapinga dzuwa litapendeka, kuti mthunzi wake uoneke bwino pansi. Chachitatu ndi msampha wadala: tsache loyedzamira khoma la njerwa, kapena kapu itaikidwa pachitenje chamaluwa. Chimenechi ana ambiri chidzawakanika, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira.

Potumiza zithunzizi ku mafoni ena, gwiritsani ntchito Bluetooth, kapena ngati ndi pa WhatsApp muzitumize ngati Document. Mukazitumiza mwachizolowezi, WhatsApp imazifinya kuti zichepe, ndipo mwana akakulitsa chithunzi amangoona zigamba zosawoneka bwino.

Mphindi 10 zoyamba, mafoni ali patebulo panu

Musagawe mafoni msanga. Jambulani pabolodi mizere ya njerwa ndi choko, kenako pakati pake mujambule botolo. Itanani mwana mmodzi afufute botololo ndi dasitala. Patsala chibowo. Funsani kalasi kuti, "Tidzaze chiyani apa kuti munthu wolowa pakhomo asadziwe kuti panali kanthu?" Wina adzanena kuti tipitirize mizere ya njerwa. Mupatseni choko ayese, ndipo onse adzaona kuti mizere ikapanda kukumana ndendende diso limagwira nthawi yomweyo. Tsopano fufutani kadontho pamalo pomwe bolodi ndi lakuda lokhalokha. Apa palibe chovuta. Kusiyana kwa malo awiriwa ndiye phunziro lonse, ndipo ana alipeza okha foni isanayatsidwe.

Kuwaonetsa pachithunzi cha jumbo, mphindi 15

Gawani mafoni, ndipo muchite limodzi nawo pang'onopang'ono, mukulemba pabolodi mawu omwe akuoneka pasikirini. Mukatsegula Snapseed, dinani Open ndi kusankha chithunzi cha jumbo. Kenako dinani Tools, m'mafoni ena ndi chizindikiro cha pensulo, n'kupeza Healing. Malo a mabatani amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni komanso nthawi yomwe pulogalamu inatsitsidwa, koma dzina la Healing ndi lomwelo.

Apa imani kaye, chifukwa pali chinthu chomwe pafupifupi mwana aliyense amalakwitsa. Healing ilibe batani lochepetsera kapena kukulitsira burashi. Kukula kwa burashi kumadalira momwe mwakulitsira chithunzi. Chithunzi chikakhala chonse pasikirini, chala chimodzi chimaphimba dera lalikulu, ndipo kukhudza kamodzi kumasokoneza mchenga wambiri wosalakwa. Ikani zala ziwiri pasikirini n'kuzitambasula mpaka jumbo ikule, koma mchenga uzionekabe mbali zonse. Mukatero, chala chomwecho chimagwira kadera kakang'ono.

Tsopano pakani chala pajumbo yonse. Pomwe mwadutsa pamaoneka pofiira, ndipo mukachotsa chala jumbo imasowa, pamalo pake pakubwera mchenga. Uzani ana kuti kufiirako kupitirire pang'ono m'mphepete mwa jumbo. Mukasiya kamzere kabuluu m'mbali, foni imakatenga ngati gawo la malo ozungulira n'kukamwaza pakati, ndiye pamatsala chibanga chabuluu ngati inki yatayikira. Zikatero musapake pamwamba pa cholakwikacho. Pansi pa sikirini pali kamuvi kobwerera m'mbuyo: dinani kameneko muyambirenso. Mukakhutira, dinani chizindikiro chochonga kudzanja lamanja. Chizindikiro cha X kumanzere chimataya zonse zomwe mwachita mu Healing, choncho achenjezeni asachidine mwangozi.

Kuti muone kusiyana, gwirani chala pachithunzi osachotsa. Chimabwerera momwe chinalili, ndipo mukasiya chimaonetsa chatsopano. Ana amakonda kwambiri zimenezi, asiyeni aseweretse kamphindi.

Ntchito ya m'magulu, mphindi 30

Lamulo ndi lakuti foni izizungulira. Aliyense m'gulu afufute jumbo kamodzi, abweze ndi kamuvi kaja, apatse mnzake. Mukapanda kulimbikira apa, mnyamata mmodzi amene kwawo kuli foni adzagwira yekha mpaka belu, atsikana ndi ana ena akungosuzumira paphewa. Ndimayenda gulu ndi gulu ndikufunsa kuti ndani sanagwireko.

Pachithunzi cha botolo musawauze za mthunzi. Magulu ambiri adzachotsa botolo bwinobwino n'kukweza manja kuti amaliza. Tsiku lina nditafika pagulu lotere ndinangofunsa kuti, "Dzuwa lili mbali iti?" Mtsikana wina anayang'anitsitsa, n'kuseka, n'kunena kuti, "Sala, botolo lapita koma mthunzi wake watsala!" Kapinga anali ndi kamzere kakuda kopanda mwini. Kuyambira pamenepo gulu lonse linayamba kufufuza mithunzi lisanakhudze kanthu. Njira yabwino ndi kuyamba ndi mthunzi, kuchokera kunsonga kwake kubwera kumunsi kwa botolo, pang'onopang'ono, kenako botololo. Mukayamba ndi botolo, foni imatapa mdima wa mthunzi n'kuuika pomwe panali botolo.

Chithunzi chachitatu chipatseni nthawi yokwanira. Mwana akapaka tsache lonse kamodzi, mizere ya simenti pakati pa njerwa imathyoka, ina imapindika, ndipo nthawi zina njerwa imodzi imaoneka kawiri. Chomwe chimathandiza ndi kukulitsa kwambiri ndi kuchotsa mpini wa tsache chidutswa chidutswa, njerwa imodzi nthawi imodzi, kungodina m'malo mokoka chala. Pakatikati pa njerwa pamatheka. Pomwe mpini wadutsa pamzere wa simenti ndi pomwe pamavuta, ndipo pafunika kubweza ndi kuyesanso kangapo mpaka mzere ukumane. Pansi pomwe tsache lakhudza khoma ndi nthaka nthawi imodzi, kawirikawiri sipatheka kukonza bwino, chifukwa foni imasakaniza njerwa ndi dothi.

Gulu likafika pamenepa n'kunena kuti zakanika, musawadzudzule. Afunseni kuti akanatani asanajambule. Yankho ndi losavuta: akanachotsa tsachelo ndi manja. Ngati chinthu chili m'mphepete mwa chithunzi, chida cha Crop chimangodula mbali imeneyo popanda kusiya chipsera. Mwana amene wadziwa nthawi yosiya Healing waphunzira zambiri kuposa amene wapaka mpaka khoma lasanduka phala.

Kusunga ndi kuchongerana, mphindi 15

Dinani Export. Pa Android, Save imapanga chithunzi chatsopano ndipo choyamba chimatsala momwe chinalili. Pa iPhone sankhani Save a copy. Nenani mobwereza kuti chithunzi choyamba sichitayidwa, chifukwa ndi umboni wa zomwe zinalipodi.

Kenako magulu asinthane mafoni. Gulu lolandira lisaone chithunzi choyamba, lingoyang'ana chokonzedwacho n'kuloza pomwe likuganiza kuti panali kanthu. Alembe m'kope zomwe zawadziwitsa: malo osalala kuposa ozungulira, kamwala kapena tsamba looneka kawiri mofanana ndendende, mzere wothyoka, mthunzi wotsala. Pa malikisi 10, ine ndimapereka 2 pa jumbo, 3 pa botolo ndi mthunzi wake, ndipo 5 otsalawo ndi a kufotokoza m'mawu awoawo chifukwa chomwe khoma la njerwa lavutira. Kukongola kwa chithunzi chachitatu sindikuwerengera. Mafoni amasiyana, ndipo mwana amene wapatsidwa foni ya sikirini yosweka asalangidwe chifukwa cha zimenezo.

Mphindi 10 zomaliza

Gawo ili musalidumphe ngakhale nthawi itathina. Ana angotha kuphunzira kusintha chithunzi mosaoneka, ndipo ena mwa iwo aganiza kale za mnzawo amene akufuna kumuchotsa pachithunzi cha kalasi. Lembani pabolodi zitsanzo zinayi ndipo kalasi ikambirane chilichonse: kuchotsa jumbo pachithunzi cha tomato wogulitsa, kuchotsa mng'alu pa foni yomwe ukugulitsa, kuchotsa munthu pachithunzi cha ngozi chopita m'nyuzi, ndi kufufuta nambala pa satifiketi kapena pa risiti ya fizi. Choyamba sichinamiza aliyense za tomatoyo. Zitatu zinazo zikusintha chinthu chomwe woona akudalira posankha zochita, ndipo chomalizacho ndi mlandu wachinyengo. Auzeninso kuti kuno ku Malawi kuli lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe mwa zina limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, choncho kusintha chithunzi cha mnzako n'kuchimwaza kuti achite manyazi kukhoza kukufikitsa kupolisi.

Pa chifukwa chomwechi, zithunzi zitatu za phunziroli zilibe nkhope ya mwana aliyense, ndipo musalole kuti ajambulane m'kalasi. Ntchito yakunyumba isafune foni, poti si onse ali nayo: aliyense apeze malo awiri pasukulu kapena kwawo, amodzi pomwe chinthu chingafufutike mosavuta ndi ena pomwe chingakanike, ajambule ndi pensulo m'kope ndi kulemba chifukwa chake. Musanabweze mafoni kwa eni ake, awerengeni, ndipo mufufute zithunzi zonse za phunziroli.