Momwe mungadziwire malire a kugunda kwa mtima poyambiranso kuyenda mutadwala mtima

Munthu amene mtsempha wa magazi wa mumtima wake unatsekeka, akatuluka m'chipatala amauzidwa kuti aziyenda pang'onopang'ono, koma funso limene limamuvutitsa n'lakuti mtima ugunde mofulumira bwanji asanafike pangozi. Malirewo amachokera pa mmene mtima wanu ukugundira panopa mukumwa mankhwala, ndipo nambala imene dokotala wanu wakupatsani imaposa iliyonse yolembedwa pano.

Choyamba, dziwani kagundidwe ka mtima wanu mukapuma. Khalani pampando kwa mphindi zisanu, kenako ikani chala cholozera ndi chapakati pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo mukanikize pang'ono mpaka mumve mtsempha ukudumpha. Musagwiritse ntchito chala chachikulu chifukwa nacho chimagunda. Werengani kwa mphindi yathunthu, muchite zimenezi masiku angapo pa nthawi imene mudzakhale mukuyenda, ndipo muzilemba m'kope.

Chachiwiri, pa milungu yoyamba wonjezerani 20 pa nambalayo, ndipo amenewo ndiwo malire anu. Tiyerekeze bambo wa zaka 58 amene amamwa mankhwala a mtima otchedwa atenololo, ndipo mtima wake umagunda ka 64 pa mphindi akapuma. Malire ake ndi 84. Ali panjira sangawerenge mphindi yonse chifukwa mtima umayamba kutsika akangoima, choncho awerenge kwa masekondi 15 okha n'kuchulukitsa nambalayo kanayi. Akapeza 21 ndiye kuti wafika pa 84, ndipo akapitirira pamenepo achepetse liwiro.

Pano pali msampha umene ndimauopa kwambiri. Anthu ochita masewera olimbitsa thupi amachotsa zaka zawo pa 220 n'kutenga magawo ena a nambalayo, monga 70 pa 100, kuti apeze malire, ndipo mawotchi ambiri oyeza mtima amawerengera chimodzimodzi. Kwa bambo uja zingatuluke 162, ndipo magawo 70 pa 100 a nambalayi ndi 113. Koma atenololo, kavedilolo ndi mankhwala ena a gulu limeneli amaletsa dala mtima kuthamanga, moti kuti bamboyu afike pa 113 ayenera kudzikakamiza kufika pafupi ndi mapeto a mphamvu zake, wotchi ikumuuza kuti ali bwinobwino. Musadumphe mankhwala pofuna kuti nambala ikwere, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi kungabweretsenso ululu wa pachifuwa ngakhalenso kudwala kwachiwiri.

Chachitatu, malire amakwezedwa pokhapokha achipatala akakuyezani mukuyenda pa makina kapena mukupalasa njinga yoima, mawaya ali pachifuwa. Tinene kuti bambo uja anafika pa 124 popanda vuto. Kuchotsa 64 pa 124 kumatsala 60, umene ndi mpata wonse umene mtima wake uli nawo. Woyamba kumene amagwiritsa ntchito magawo 40 mpaka 60 pa 100 a mpatawo, kutanthauza 24 mpaka 36, ndipo mukawonjezera pa 64 mupeza 88 mpaka 100, kapena 22 mpaka 25 pa masekondi 15. Ngati poyezedwapo ululu wa pachifuwa unayamba pa nambala inayake, khalani pansi pa nambalayo ndi 10 kapena kuposerapo. Ngati simunayezedwe, khalanibe pa malire oyamba aja mpaka dokotala atawasintha.

Ulendo uliwonse uyambe ndi mphindi 10 zoyenda mwachifatse ndipo uthe chimodzimodzi, chifukwa kuima mwadzidzidzi kumachititsa magazi kudikha m'miyendo n'kubweretsa chizungulire. Amene mwangotuluka m'chipatala, mphindi zisanu kapena khumi zoyenda mwachifatse pamalo athyathyathya n'zokwanira ulendo wonse. Muziyenda ndi mnzanu n'kumacheza naye: ngati mukutha kumaliza chiganizo mukupuma mozama pang'ono, liwiro lili bwino, koma ngati mawu akudukaduka chifukwa cha befu, mwapyola ngakhale nambala ikhale yotsika. Njira imeneyi ndiyo yodalirika kwa amene mtima wawo umagunda modumphadumpha, popeza kuwerenga pamkono kumawanamiza.

Tsiku limene mtima ukugunda kupitirira 100 mutakhala pansi, kapena thupi latentha ndi malungo kapena chimfine, musatuluke. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala mtima umathamanga msanga pa mtunda womwewo, choncho yendani m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, komanso osati mutangodya nsima.

Imani nthawi yomweyo n'kukhala pansi mukamva kulemera kapena kufinyika pachifuwa, ululu wolowera kumkono, kukhosi kapena kuchibwano, chizungulire, thukuta lozizira, kapena mtima ukayamba kugunda mosokonekera. Ngati munapatsidwa mankhwala oika kunsi kwa lilime, agwiritseni ntchito mutakhala monga anakulangizirani. Ululu ukapanda kutha pakapita mphindi zisanu, wina akutengereni kuchipatala msanga ndipo musayendetse nokha galimoto kapena njinga. Ngakhale ululuwo utatha wokha, musayambirenso kuyenda mpaka dokotala atakuonani, ndipo popita mutenge kope lanu lija.