Momwe mungawerengere sikani ya mimba yaing'ono: thumba, mluza ndi muyeso wa CRL

M'zipatala zambiri za mu Lusaka, kaya ku Kanyama kapena ku Matero, sikani yoyamba imakhala yapamimba. Mayi amwe kaye madzi kuti chikhodzodzo chidzaze. Pulobu, kachipangizo kogwira m'manja kojambulira, ikakhala yolowetsa kumusi imafuna chikhodzodzo chopanda mkodzo, ndipo imaona zinthu pafupifupi sabata imodzi pulobu yapamimba isanazione.

Yambani ndi chiberekero chonse, m'litali kenako chopingasa. Thumba la mimba, limene makina amalemba GS, limaoneka pa masabata 5: kabwalo kakuda kozunguliridwa ndi mkombero woyera wochindikala, kokhala chakumbali m'khoma lamkati. Madzi amene akhala pakati penipeni, osongoka kumapeto komanso opanda mkombero, musawakhulupirire. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero imatha kunamiza choncho, ndiye yang'anani mbali zonse ziwiri za chiberekero.

M'thumbamo funani kamphete koyera kotchedwa YS, ka mamilimita 3 mpaka 5. Mukakaona, mwatsimikiza kuti thumbalo ndi la mimba. Mluza umayamba ngati kambewu ka mpunga komatirira pambali pa kampheteko, cha pa masabata 6. Gwirani pulobu osagwedeza, mudzaona kuphethira kwa mtima. Uwerengeni ndi M-mode, njira ya makina yoonetsa kugundako ngati mzere wa mafunde. Doppler, njira yoyezera kuyenda kwa magazi, isiyeni pa msinkhu umenewu.

Pa CRL, kutalika kuchokera pamutu mpaka kumatako, ndi pamene ambiri amaphonya. Kulitsani chithunzi ndi Zoom, tembenuzani pulobu pang'onopang'ono mpaka mluza uoneke wautali koposa, kenako dinani Freeze. Ikani timitanda toyezera kunsonga zonse ziwiri. Yezani katatu, mutenge chapakati. Mukaujambula mluza mopendekera muyeso umachepa, mukaphatikiza kamphete umachuluka.

Tinene kuti mwapeza mamilimita 9, 10 ndi 11. Chapakati ndi 10. M'masabata oyambirirawa mluza umakula pafupifupi milimita imodzi patsiku, choncho onjezani 42 kuti mupeze masiku a mimba: akwana masiku 52, kapena masabata 7 ndi masiku atatu. Tebulo la m'makina likhoza kusiyana ndi tsiku limodzi kapena awiri, ndipo lembani za tebulolo. Mukanaphatikiza kamphete ka mamilimita 4, mimbayo mukanaikalambitsa ndi masiku anayi. CRL ikapitirira mamilimita 84, siyani, muyeze kuzungulira kwa mutu.

Musathamangire kuuza mayi kuti mimba yawonongeka. Malire odziwika ndi a pulobu yakumusi: mluza wa mamilimita 7 kapena kuposa wopanda kugunda kwa mtima, kapena thumba lopanda mluza la mamilimita 25, mutaphatikiza miyeso yake itatu yamkati n'kugawa ndi 3. Ngati sizinafike pamenepo, kawirikawiri amakhala masiku a msambo amene anawerengedwa molakwika. Mayiyo abwerenso pakatha masiku 7 mpaka 14, koma akamva kupweteka mbali imodzi, chizungulire kapena akataya magazi, abwere tsiku lomwelo.