Kuyesa wolemba mabuku a ndalama asanalowe ntchito

Ngati mukufuna wolemba mabuku a ndalama, musadalire satifiketi yokha. Pasitolo yathu ya zomangira tinapeza njira yosavuta.

Tengani malisiti ndi ma invoisi 20 a mwezi umodzi, mufufute mayina a makasitomala, muphatikizepo buku la ndalama ndi chikalata cha ku banki, kuti woyesedwayo aone ngati zikugwirizana. Mubisemo zolakwika zitatu: invoisi yolembedwa kawiri, ndalama zimene banki yadula koma m'buku mulibe, ndi K54,000 yolembedwa ngati K45,000.

Yachitatuyi ndiyo ndimaikonda. Kusiyana kwake ndi K9,000, ndipo wodziwa ntchito amazindikira msanga kuti kusiyana kukagawika ndi 9, nthawi zambiri manambala asinthana malo. Wosadziwa amangowonkhetsanso kuyambira pamwamba mpaka nthawi kutha.

Kuti pasakhale kukondera, onse apatsidwe mapepala ofanana, ola limodzi ndi kakyuleta. Mayankho ndi malikisi muzilemberetu, ndipo pepala la aliyense likhale ndi nambala m'malo mwa dzina. Muyambe mwayesa nokha. Ngati inu zakutengerani mphindi 50, ola lawachepera.

Amene wabwera kudzafunsa za lisiti losamveka musamuchotsere malikisi. Woopsa ndi amene wangoikapo nambala yake kuti mabuku agwirizane.