Momwe mungawerengere kutsika mtengo kwa makina, ndi momwe njira yomwe mwasankha imasinthira phindu

Mabizinesi awiri akhoza kugula makina amodzimodzi, kugulitsa mofanana, kukhala ndi ndalama zofanana m'banki, koma wina nkulemba phindu la 32,000 pomwe mnzake walemba 10,000. Palibe waba, palibe wanama. Asiyana kachotsedwe ka dipulisiyeshoni, ndalama yomwe timachotsa pa phindu chaka chilichonse poti makina akutha. Nawu ndondomeko yomwe ndimatsata, pogwiritsa ntchito makina osindikizira ngati chitsanzo.

Poyamba pezani mtengo weniweni wa makina. Si ndalama ya pa invoisi yokha ayi: onjezani yonyamulira, msonkho wolowetsera katundu womwe sabweza, ndi yolipira amisiri oika makinawo mpaka atayamba kugwira. Tinene kuti makina ndi 92,000, kunyamula 5,000, kuika 3,000. Zonse ndi 100,000. Chenjerani ndi ogulitsa omwe amaphatikiza inki, mapepala ndi sevisi ya chaka chonse pa mzere umodzi ndi makina, nkunena kuti akuchitirani chifundo. Auzeni alembe chilichonse pachokha, chifukwa inki ndi sevisi ndi zowonongedwa za masiku onse, sizilowa mu mtengo wa makina.

Kenako ganizirani zaka zomwe makinawo adzakugwirireni ntchito, ndi ndalama yomwe mudzapeze mukadzawagulitsa atakalamba. Ife titenga zaka 5 ndi 10,000. Apa musafunse wogulitsa, amakuuzani kuti makina ake satsika mtengo. Onani mitengo ya makina akale a mtundu womwewo omwe anthu akugulitsana lero. Choncho ndalama yofunika kugawa pa zaka zisanuzo ndi 90,000, ndipo njira iliyonse mungatsate, ndalamayi sisintha.

Njira yoyamba ndi yochotsa mofanana chaka ndi chaka. Gawani 90,000 ndi 5, mupeza 18,000. Basi. Mu Excel mumalemba chonchi:

```
=SLN(100000,10000,5)
```

Ngati bizinesi imapeza 50,000 musanachotse dipulisiyeshoni, phindu lolembedwa ndi 32,000 chaka chilichonse.

Njira yachiwiri ndi yochotsa pa zotsala. Mumasankha peresenti imodzi, nkumaitenga pa mtengo womwe watsala m'buku kumayambiriro a chakacho. Dziwani kuti pano simuyamba mwachotsa 10,000 uja: peresenti imayambira pa 100,000 yense. Pa 40 peresenti, chaka choyamba muchotsa 40,000, kutsala 60,000. Chachiwiri mutenga 40 peresenti ya 60,000, yomwe ndi 24,000, kutsala 36,000. Chachitatu ndi 14,400, chachinayi 8,640, ndipo m'buku mwatsala 12,960. Chaka chachisanu masamu akuti muchotse 5,184, koma zikatero makina atsika kupitirira 10,000 yemwe munati mudzawagulitsa. Ndiye mumachotsa 2,960 yekha, nkuimira pomwepo.

```
=DDB(100000,10000,5,1)
```

Nambala yomalizayo ndi chaka chomwe mukufuna. Isinthe mpaka 5. DDB imapeza yokha 40 peresenti powirikiza kawiri 20 peresenti ya zaka zisanu, ndipo imaima yokha ikafika pa 10,000.

Kusankha peresenti ndi pomwe panandisautsa, ndiye ndichedwapo. Ndinalandirapo mabuku a kampani ina pomwe katundu yense, kaya kompyuta kaya mashelefu achitsulo, ankachotsedwa 25 peresenti pa zotsala. Nambalayo inabwera ndi fomu yotsika mtengo yomwe anagula yokonzakonza, ndipo panalibe yemwe anafunsapo kuti inachokera kuti. Zaka zoyambirira zonse zinkaoneka bwino. Vuto linatulukira makina atafa, m'buku akadali ndi mtengo waukulu womwe palibe akanalipira.

Yesani nokha pa makina athuwa. Pa 25 peresenti, pakatha zaka 5 m'buku mumatsala pafupifupi 23,730, pomwe makinawo mugulitsa 10,000. Kusiyana kwa 13,730 sikusowa, kumagwera chaka chogulitsacho kamodzi ngati kuluza. Mukaphatikiza zaka zisanuzo, phindu linali lofufuma, mwina eni ake agawana kale ndalama poyang'ana phindu lomwelo. Njira yochotsa pa zotsala siifika pa ziro ngakhale mudikire zaka 30, ndipo siidziwa yokha pomwe mukufuna kukathera. Inuyo ndi amene muyenera kuilondolera. Musanalembe chaka choyamba, werengani zaka zonse mpaka chomaliza, muone ngati chotsalacho chayandikira mtengo wodzagulitsira. Chikatsala chachikulu, peresenti yachepa. Mukagunda mtengowo zaka zisanathe, yachuluka. Peresenti yokafika ndendende imapezeka chonchi:

```
=1-(10000/100000)^(1/5)
```

Yankho ndi pafupifupi 36.9 peresenti, nchifukwa chake 40 inangopitirira pang'ono pomwe 25 inaperewera kutali. Mukaika ziro pa mtengo wodzagulitsira, fomulayi ikupatsani 100 peresenti, kutanthauza kuti njirayi siyenda popanda kenakake kotsala.

Tsopano yerekezani phindu. Pa 40 peresenti, 50,000 uja amasanduka 10,000 chaka choyamba, kenako 26,000, 35,600, 41,360 ndi 47,040. Munthu wosadziwa akaona mzerewu anganene kuti bizinesi ikukula modabwitsa, chonsecho malonda sanasunthe. Phatikizani zaka zonse mupeza 160,000, chimodzimodzi ndi 32,000 kuchulukitsa kasanu. Njira imangosuntha phindu kuchoka chaka china kupita china. Ndalama za m'banki sizikhudzidwa, popeza zinatuluka tsiku logula. Komabe kusunthako kuli ndi mano: a banki omwe mukuwapempha ngongole akayang'ana chaka choyamba chokha, 10,000 ndi 32,000 sawaona mofanana.

Mukagulitsa makina nthawi isanakwane, zimatembenuka. Tinene mwawagulitsa 50,000 patatha zaka ziwiri. Wochotsa mofanana ali ndi 64,000 m'buku, alemba kuluza kwa 14,000. Wochotsa pa zotsala ali ndi 36,000, alemba phindu la 14,000. Wogula ndi mmodzi, ndalama ndi yomweyo.

Nanga musankhe iti? Lamulo la IAS 16, lomwe mayiko ambiri amatsata polemba katundu wotere m'mabuku a kampani, limati njira igwirizane ndi momwe katunduyo akuthera ntchito yake. Ine galimoto ndi makompyuta ndimachotsa pa zotsala, chifukwa zimagwa mtengo msanga, ndipo ndalama zokonzetsera zimakwera nthawi yomwe dipulisiyeshoni yachepa, ndiye zochotsedwa pa phindu zimalinganako. Nyumba ndi mipando ndimachotsa mofanana. Malo okha sachotsedwa kanthu. Kusankha njira pofuna kukongoletsa chaka chimodzi sindigwirizana nako, ndipo maodita amafunsa chifukwa chake.

Zotsalazo nzachidule. Yambani kuchotsa makina akakhala okonzeka kugwira ntchito, ndipo mukagula pakati pa chaka, werengani miyezi. Kumapeto a chaka chilichonse onaninso zaka, mtengo wodzagulitsira ndi njira. Mukasintha, simubwerera kukafufuta zaka zakale, mumangogawa zomwe zatsala m'buku pa zaka zotsala. Za msonkho musadalire manambalawa, chifukwa m'mayiko ambiri okhometsa msonkho amabwezera dipulisiyeshoni yanu pa phindu, nkuchotsa pogwiritsa ntchito maperesenti awoawo.