Momwe mungalembere macheke a modelo ya lojisitiki rigiresheni m'ziganizo zochepa zolondola

M'malipoti ambiri a ophunzira a zaumoyo, gawo la macheke a modelo limakhala chiganizo chimodzi: "Modelo inali yabwino ndipo panalibe malitikoliniyariti." Wowerenga sangaphunzirepo kanthu pa chiganizo chimenechi. Sakudziwa chimene munayeza, nambala imene inatuluka, kapena malire amene munatsatira. Ziganizo zinayi zimakwana kunena zonsezi, bola chilichonse chikhale ndi zinthu zitatu: chimene munayeza, nambala imene munapeza, ndi tanthauzo lake losakokomeza.

Tiyerekeze kafukufuku wa amayi 420 amene anachira pachipatala, ndipo 84 mwa iwo anabereka mwana wosakwana magalamu 2,500. Nambala zonse za chitsanzochi ndi zongoyerekeza. Mukufuna kudziwa zimene zikugwirizana ndi kubadwa kwa mwana wochepa sikelo, ndipo m'modelo mwaikamo zinthu zisanu zolosera: zaka za mayi, kuchuluka kwa ana amene anaberekapo, maulendo a kusikelo, malungo ali woyembekezera, ndi maphunziro a magulu atatu.

Yambani ndi kuwerengera ngati deta ikukwanira. Pa lojisitiki, nambala yofunika si 420 koma 84, chifukwa gulu laling'ono la zotsatira ndi limene limapatsa modelo mphamvu. Maphunziro a magulu atatu amatenga makoefishenti awiri, kotero onse pamodzi ndi 6. Gawani 84 ndi 6, mupeza 14. Lamulo lodziwika, lochokera ku kafukufuku wa Peduzzi ndi anzake wa mu 1996, limati pakhale zochitika zosachepera 10, monga kubadwa kwa mwana wochepa sikelo m'chitsanzo chathu, pa chinthu chilichonse choyezedwa m'modelo. Ndi chitsogozo chabe, koma nambalayo ilembeni ndithu.

Kenako tulutsani nambala za macheke. Mu Stata, malamulo ake ndi awa:

```
logit lbw age parity anc i.malaria i.educ
estat gof, group(10) table
lroc, nograph
regress lbw age parity anc i.malaria i.educ
estat vif
```

Musadabwe kuona `regress` pamenepo. Lamulo la `estat vif` limagwira ntchito pambuyo pa `regress`, ndipo izi sizilakwitsa kanthu chifukwa VIF, nambala yoyezera malitikoliniyariti, imangoyang'ana mmene zolosera zikugwirizanirana zokhazokha, osati chotsatira. Mu R mungagwiritse ntchito `vif()` ya mu phukusi la `car`.

Pa malitikoliniyariti, funso ndi lakuti: kodi cholosera china chikungobwereza zimene chinzake chanena kale? M'chitsanzo chathu, zaka za mayi ndi kuchuluka kwa ana zimayendera limodzi, pakuti mayi wamkulu nthawi zambiri amakhala kuti wabereka ana ambiri. Tinene kuti VIF ya zaka yatuluka 3.8, ya ana 3.6, ndipo zina zonse zili pansi pa 1.5. VIF imawerengeredwa motere: `1/(1 - R²)`, pamene `R²` ikuonetsa gawo la kusiyanasiyana kwa cholosera chimodzi limene zolosera zinazo zikufotokoza. Choncho 3.8 ikutanthauza kuti pafupifupi magawo 74 pa 100 alionse a kusiyana kwa zaka za amayiwa akufotokozedwa kale ndi zolosera zina. Sikweya ruti ya 3.8 ndi pafupifupi 1.95, kutanthauza kuti `Std. err.` ya zaka yakula pafupifupi kawiri poyerekeza ndi mmene ikanakhalira zolosera zikanakhala zosagwirizana.

Ndiye kulemba kuti "panalibe malitikoliniyariti" ndi bodza, ngakhale 3.8 ili pansi pa malire. Ilipo, kungoti si yoopsa. Olemba ena amaika malire pa 5, ena pa 10, ndiye tchulani amene mwatsatira. Chinanso chimene ndimachiona kawirikawiri: ena amangopereka `Mean VIF`. Avereji imabisa cholosera chimodzi chovuta pakati pa zabwino zambiri. Perekani VIF yaikulu kwambiri ndi dzina la cholosera chake.

Tsopano kugwirizana kwa modelo ndi deta, pamene ambiri amapunthwa. Mayeso a Hosmer-Lemeshow amandandalika anthu potsatira mwayi umene modelo yawalosera, nkuwagawa m'magulu 10. M'gulu lililonse amayerekeza ana ochepa sikelo amene modelo imayembekezera ndi amene anabadwadi. Tinene kuti pa sikirini mwaona `chi2(8) = 9.40` ndi `Prob > chi2 = 0.31`. Nambala 8 yachokera pa magulu 10 kuchotsa 2. Apa p yoposa 0.05 ndiyo imene timafuna, koma samalani ndi mawu anu: mayesowa sanatsimikize kuti modelo ndi yolondola, angolephera kupeza umboni woti ikusemphana ndi deta. Ndi zochitika 84 zokha, mayesowa akhoza kuphonya kusemphana kumene kulipodi. Pa deta ya anthu masauzande ambiri zimatembenuka: kusemphana kwakung'ono kosadetsa nkhawa kumatsitsa p pansi pa 0.05. Nchifukwa chake ndimalimbikitsa kuwerenga tebulo limene mawu akuti `table` amatulutsa, gulu ndi gulu. Ngati m'gulu lomaliza modelo imayembekezera ana 19 ndipo anabadwa 17, zili bwino. Akakhala 9, modelo ikukokomeza chiopsezo cha amayi a m'gulu limenelo.

Lamulo la `lroc` likuyankha funso lina. Likupereka AUC, imene imaonetsa ngati modelo ikusiyanitsa amene anabereka mwana wochepa sikelo ndi amene anabereka wokwana. Tinene kuti yatuluka 0.68. Mukatenga mayi mmodzi ku gulu lililonse mwachisawawa, modelo ipereka chiopsezo chachikulu kwa mayi woyenera maulendo 68 pa 100. AUC ya 0.5 ndi kungolotera, pamene 1 ndi kusiyanitsa kosaphonya. Choncho 0.68 ndi yapakatikati, ndipo muilembe choncho. Modelo ikhoza kudutsa bwino pa Hosmer-Lemeshow koma nkumasiyanitsa mofooka, kotero musaike nambala imodzi m'malo mwa inzake.

Mukasonkhanitsa zonsezi, ndime yanu ioneke motere:

"M'modelo munali makoefishenti 6 ndi zochitika 84, kutanthauza zochitika 14 pa koefishenti iliyonse. Tinayeza malitikoliniyariti pogwiritsa ntchito VIF, ndipo yaikulu kwambiri inali 3.8, ya zaka za mayi, pansi pa malire a 5 amene tinatsatira. Mayeso a Hosmer-Lemeshow a magulu 10 sanaonetse umboni woti modelo ikusemphana ndi deta (χ² = 9.40, df = 8, p = 0.31). Modelo inasiyanitsa magulu awiriwa mwapakatikati, ndi AUC ya 0.68."

Lipoti lanu likakhala la m'Chingerezi, ndondomeko yake ndi yomweyi. Muone kuti mulibe mawu akuti "yabwino" kapena "yangwiro", ndipo cheke chimene sichinachitike sichinatchulidwe. Ngati munayeza kuti zaka za mayi zikuyenda mowongoka ndi lojiti, mwachitsanzo ndi mayeso a Box-Tidwell, onjezani chiganizo chachisanu. Ngati simunayeze, musakopere chiganizocho m'lipoti la mnzanu.

Ngati cheke china chatuluka moipa, nenani chimene munachitapo. Mwachitsanzo: "VIF ya zaka inali 11 pamene tinaikamo zaka za mayi ndi zaka zimene wakhala pabanja, choncho tinachotsa zaka za pabanja ndipo VIF yaikulu inatsikira pa 3.8."

Amene mukugwiritsa ntchito deta ya kafukufuku wa dziko lonse ngati MDHS ya 2015-16, kumbukirani kuti anthu ake anasankhidwa m'magulumagulu a madera ndipo deta ili ndi maweti, manambala oonetsa kuchuluka kwa anthu amene aliyense wofunsidwa akuimira. Mukayendetsa `svy: logit`, lamulo la `estat gof` limapereka mayeso a F osinthidwira deta yotere, osati Hosmer-Lemeshow wamba, ndiye m'chiganizo chanu mulembe nambala ya F ndi p yake monga zaonekera pa sikirini.